Mitu ya pa chithunzi cha tsamba: kudziwa wamkulu ndi wamng'ono polemba Markdown

Munthu wajambula masamba 12 a kabuku ndi foni, pulogalamu yowerenga zilembo yatulutsa mawu onse bwinobwino, koma akatsegula fayilo yake ya Markdown apeza mitu yasokonekera. Kamutu kakang'ono ka patsamba 7 kasanduka mutu waukulu, chenjezo lolembedwa ndi zilembo zonenepa laikidwa m'Zamkatimu, ndipo dzina la kabukuko likubwera ka 11 ngati mutu. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti pulogalamuyo yawerenga molakwika. Ayi, mawuwo yawerenga bwino. Chomwe chasowa ndi china: chithunzi chimaonetsa kukula kwa zilembo, pomwe Markdown imafuna kudziwa udindo wa mzere uliwonse, ndipo ziwirizi si chinthu chimodzi.

## Msinkhu wa mutu ndi chiyani

John Gruber anatulutsa Markdown mu 2004, atathandizana maganizo ndi Aaron Swartz, kuti munthu azitha kulemba mawu wamba amene amawerengeka mosavuta koma n'kutha kusanduka HTML, kalembedwe ka masamba a pa intaneti. Mitu yake ili ndi misinkhu 6, yofanana ndi `h1` mpaka `h6` ya mu HTML, ndipo msinkhu umadziwika ndi kuchuluka kwa zizindikiro za `#` kumayambiriro kwa mzere.

```markdown
# Dzina la chikalata
## Gawo
### Kagawo ka m'gawolo
```

Taonani kuti palibe paliponse pamene pakutchulidwa kukula kwa zilembo. Markdown ilibe njira yonenera kuti mzere uwu ndi wa mapoyinti 18. Zizindikiro ziwiri za `#` zimangonena kuti mutuwu uli pansi pa wa chizindikiro chimodzi, ndipo zonse zotsatira ndi zake mpaka patabwera mutu wina wofanana nawo kapena wouposa. Zili ngati mzere wa banja: agogo, kholo, mwana. Mwana akhoza kukhala wamtali kuposa bambo ake, koma utaliwo sumupanga kukhala kholo. Wosindikiza buku amagwiritsa ntchito kukula, kunenepa kwa zilembo ndi mipata kuti diso lizindikire msanga mzere wa banjawo, ndiye ntchito yanu ndi kubwerera m'mbuyo, kuchoka pa maonekedwe n'kufika pa ubale umene maonekedwewo ankaimira.

Malamulo a kalembedwe ka Markdown anamveka bwino pamene CommonMark, ndondomeko yowafotokoza mwatsatanetsatane, inayamba mu 2014, popeza m'mbuyomo mapulogalamu ankasiyana pomasulira fayilo imodzimodziyo. Awiri mwa malamulowa amakhudza ntchito ino mwachindunji. Pakati pa `#` ndi liwu loyamba payenera kukhala mpata, apo ayi mzerewo sukhala mutu. Ndipo mzere umene walowa mkati ndi mipata 4 pambuyo pa mzere wopanda kanthu umatengedwa ngati khodi, ngakhale utayamba ndi `#`.

## Zimene pulogalamu yowerenga imaona

OCR ndi njira yomwe kompyuta imazindikirira zilembo pa chithunzi. Pulogalamu yaulere yodziwika kwambiri ndi Tesseract, imene inayambira ku Hewlett-Packard m'ma 1980, n'kutsegulidwa kwa aliyense mu 2005. Mukaiuza kuti ikupatseni mawu okha, imataya zonse zokhudza malo ndi kukula, ndiye mumatsala ndi mizere yofanana ngati mchenga. Choncho poyambira penipeni ndi kupempha hOCR, fayilo imene imasunga malo a mzere uliwonse.

```bash
tesseract tsamba03.jpg tsamba03 hocr
```

M'fayilo yotulukayo mzere uliwonse umabwera ndi manambala ake:

```html
<span class='ocr_line' title="bbox 210 388 1460 452;
  baseline 0.002 -13; x_size 65">
```

Manambala anayi a `bbox` ndi bokosi lozungulira mzerewo: kumanzere, pamwamba, kumanja ndi pansi, m'mapikiseli. `x_size` ndi kutalika kwa zilembo za mzere wonse monga mmene pulogalamu yayerekezera. Gwiritsani ntchito nambala imeneyi, osati kutalika kwa bokosi la liwu limodzi. Chifukwa chake n'chosavuta kuona: liwu loti "mawa" lilibe chilembo chotumphuka m'mwamba kapena cholendewera pansi, pomwe "kupha" lili ndi k, p ndi h. Mawu awiriwa atasindikizidwa mofanana ndendende, bokosi la lachiwirilo likhala lalitali kwambiri, ndipo amene akuyeza liwu ndi liwu adzaganiza kuti wapeza zilembo zamitundu iwiri.

Tesseract nthawi zina imalemba `ocr_header` pa mzere umene ikuuona ngati mutu. Zimenezi zimathandiza ngati chizindikiro, koma siinena msinkhu. Komanso kawerengedwe katsopano kamene kanabwera ndi Tesseract 4 mu 2018 sikauza ngati zilembo zili zonenepa kapena zopendekeka. Kunenepa muyenera kukuona ndi maso anu, kapena kuyeza nokha kuchuluka kwa mapikiseli akuda m'bokosi la mzerewo poyerekeza ndi mizere yoyandikana nayo.

## Kukula pa pepala ndi kukula pa chithunzi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Osindikiza amayeza zilembo m'mapoyinti, ndipo pa kompyuta poyinti imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi. Makina osikanira masamba akaikidwa pa madontho 300 pa inchi, mapoyinti 12 amakhala mapikiseli 50 pa tsamba lililonse, chifukwa pepala limagona pa galasi pamalo amodzimodzi. Foni ilibe malo amodzi. Dzanja likatsika pang'ono, zilembo zonse zimakula, likakwera zimachepa. Munthu woima pafupi ndi kamera amaoneka wamtali kuposa nyumba imene ili kumbuyo kwake, ndipo zilembo nazo zimachita chimodzimodzi.

Tiyeni titenge kabuku ka masamba 12 kaja. Tinene kuti kanasindikizidwa chonchi: mawu a m'ndime mapoyinti 11, timitu mapoyinti 14, mitu ya magawo 18, dzina la kabuku 24. Tsamba 3 linajambulidwa patali, ndipo mawu a m'ndime akuonetsa `x_size` 40, mutu wa gawo 65. Tsamba 7 linajambulidwa pafupi: mawu a m'ndime 62, kamutu 79. Amene wasonkhanitsa manambala a masamba onse n'kuwasanja kuyambira wamkulu adzaika kamutu ka 79 pamwamba pa mutu wa 65, kenako adzadabwa kuti ndime wamba za patsamba 7, zimene zili pa 62, zatsala pang'ono kufanana ndi mutu wa gawo. Manambalawo ndi oona, koma akuyerekezedwa zinthu zosayerekezeka.

Mankhwala ake ndi kuyeza chilichonse ndi ndime za patsamba lomwelo. Pa tsamba lililonse pezani `x_size` imene ikupezeka m'mizere yambiri, chifukwa imeneyo ndiyo ya mawu a m'ndime, kenako gawani kukula kwa mzere uliwonse ndi nambalayo. Patsamba 3, 65 kugawa ndi 40 kukupatsani pafupifupi 1.6. Patsamba 7, 79 kugawa ndi 62 kukupatsani pafupifupi 1.27. Tsopano zaoneka poyera kuti wa patsamba 3 ndiye wamkulu, ndipo manambalawa akugwirizana ndi a pa pepala, popeza 18 kugawa ndi 11 ndi 1.64, pomwe 14 kugawa ndi 11 ndi 1.27. Mukatero ndi masamba onse, mizere imadziunjika yokha m'magulu: ambiri pafupi ndi 1.0, ena pafupi ndi 1.27, ochepa pafupi ndi 1.6, ndi umodzi pa 2.2. Musayembekezere manambala ofanana ndendende. 1.22 ndi 1.31 ndi gulu limodzi. Chofunika ndi mipata imene ili pakati pa maguluwo, ndipo malire aikeni pakati pa mpata, monga pa 1.15, 1.45 ndi 1.9 m'kabuku kathuka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaononga kuwerengera kumeneku. Choyamba ndi kupendekeka kwa kamera. Foni ikapendekera, mbali ya tsamba imene ili kutali imachepa, ndipo popeza mitu imakonda kukhala pamwamba pa tsamba, ndiyo imavulala kwambiri. Mudzazindikira vutoli poona kuti `x_size` ya ndime ikukwera pang'onopang'ono, mwina 37 pamwamba, 43 pansi. Kamutu ka pamwambapo kakhala pafupifupi 47, ndipo mukakagawa ndi 40 kapereka 1.17, pafupi kwambiri ndi malire. Mukakagawa ndi 37 ya ndime imene ili pansi pake penipeni, kabwerera pa 1.27. Ndiye pa tsamba lopendekeka yerekezani ndi mizere yoyandikana, kapena kuposa apo, wongolani chithunzicho musanachiwerenge, kuti ngodya zinayi za tsamba zikhale zowongoka. Kujambulanso tsamba limodzi nthawi zambiri kumafulumira kuposa kulimbana nalo.

Chachiwiri ndi tsamba lopanda ndime, monga chikuto kapena tsamba lokhala ndi dzina la gawo lokha. Pamenepo palibe choyerekezera. Mukhoza kugwiritsa ntchito m'lifupi mwa pepala ngati m'mphepete mwake mukuoneka, kapena nambala ya tsamba, imene imakhala yofanana kukula m'buku lonse. Koma masamba otere amakhala ochepa, ndipo kuwaweruza ndi maso sikulakwa.

## Msinkhu umadziwika m'chikalata chonse

Cholakwika china chimabwera ngakhale kwa amene wayeza bwino: kupereka misinkhu tsamba ndi tsamba. Patsamba 7 palibe mutu wa gawo, chachikulu pamenepo ndi kamutu ka 1.27, ndiye amene akuona tsambalo palokha amakapatsa `#` imodzi. Tsamba ndi malo amene pepala linathera basi, silikhudzana ndi kagawidwe ka nkhani. Choncho malizani kuyeza masamba onse kaye, lembani magulu onse amene alipo, kenako muwapatse misinkhu kamodzi: 2.2 akhale `#`, 1.6 akhale `##`, 1.27 akhale `###`. Misinkhu imatsatana mosadumpha ngakhale kukula kwadumpha kwambiri. Kabuku kokhala ndi mitu ya mapoyinti 30 ndi 13 yokha kali ndi misinkhu iwiri, woyamba ndi wachiwiri, osati woyamba ndi wachinayi.

Ngati chikalatacho chili ndi manambala a magawo, monga 2, 2.1 ndi 2.1.3, akhulupirireni kuposa kukula. Kuchuluka kwa timagawo ta nambalayo ndi msinkhu umene mlembi mwiniwake anaika. Tsamba la Zamkatimu nalonso ndi mboni yabwino, chifukwa mmene mizere yake yalowera mkati zimaonetsa mutu umene uli pansi pa unzake. Kungoti mabuku ambiri amalemba misinkhu iwiri yokha m'Zamkatimu, choncho kusapezekamo kwa mzere sikutanthauza kuti si mutu.

Dzina la kabuku lobwera ka 11 lija ndi mawu amene osindikiza amabwereza pamwamba pa tsamba lililonse. Amadziwika ndi zinthu ziwiri: mawu omwewo, pamalo omwewo, pamasamba ambiri. Achotseni pamodzi ndi manambala a masamba musanayambe kusanja mitu. Chotsatira chake n'kulumikiza ndime zimene zinadulidwa ndi kutha kwa tsamba, ndiponso mitu yaitali imene inatenga mizere iwiri. Mutu woyamba ndi `#` umayenera kukhala pa mzere umodzi, ndiye mizere iwiri yotsatana ya gulu limodzi, yopanda ndime pakati, ndi mutu umodzi wofunika kuulumikiza.

## Zilembo zonenepa

Kunenepa kwa zilembo kumagwira ntchito zingapo m'buku limodzi, n'chifukwa chake kumasokoneza. Kumatsindika liwu m'kati mwa chiganizo, kumayambitsa ndime, kumalemba chenjezo, kumatchula chithunzi, ndiponso kumakhala mutu wa msinkhu wotsika umene kukula kwake n'kofanana ndi ndime. Markdown imasiyanitsa: kutsindika ndi nyenyezi ziwiri uku ndi uku, mutu ndi `#`. Pa sikirini ziwirizi zikhoza kuoneka zofanana, koma mutu wokha ndiwo umalowa m'Zamkatimu, ndipo munthu wosaona amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera amadumpha kuchoka pa mutu kupita pa mutu, osati pa mawu onenepa.

Mzere wonenepa umakhala mutu pamene zizindikiro zingapo zakumana. Uli paokha, ndi waufupi, sukuthera ndi mpumiro, mpata wa pamwamba pake ndi waukulu kuposa wa pansi pake, ndipo m'kabukumo muli mizere ina yooneka chimodzimodzi. Mpatawo mukhoza kuuyeza kuchokera m'manambala a `bbox`: tengani pamwamba pa mzerewo, chotsani pansi pa mzere wapitawo. Mutu umakakamira ndime imene ukuitsogolera n'kutalikirana ndi imene yatha. Koma chizindikiro chachikulu si cha maonekedwe. Funsani kuti, kodi ndime zotsatirazi zikunena za mawu amenewa? M'kabuku kathu, patsamba 7, pali mizere iwiri yonenepa ya kukula kwa 1.0. Wina ukuti "Kusintha batire", ndipo pansi pake pali ndime ziwiri zofotokoza zimenezo. Winawo ukuti "Musatsegule chivundikiro magetsi ali oyaka." Woyambawo ndi mutu wa msinkhu wachinayi. Wachiwiriwo ndi chiganizo chathunthu chimene chamaliza ntchito yake pomwepo, ndipo chimene chikutsatira sichili pansi pake.

```markdown
#### Kusintha batire

**Musatsegule chivundikiro magetsi ali oyaka.**
```

## Mindandanda ndi misampha ya zizindikiro

Timadontho ta m'mindandanda ndi timene OCR imalakwitsa kawirikawiri. Kadontho kakuda kamasanduka `e`, `o`, `*` kapena `«`, nthawi zina kamangosowa. Choncho mndandanda uzindikireni ndi malo, osati chizindikiro: mizere ingapo imene nambala yake yoyamba ya `bbox` ili yofanana, yolowa mkati kuposa ndime. Kulowa kwachiwiri ndi mndandanda wa m'kati mwa unzake. Polemba, kamndandanda ka m'katika kayambire pamene payambira mawu a mfundo ya pamwamba pake, ndiye kuti mipata 2 pansi pa `- ` ndi mipata 3 pansi pa `1. `.

```markdown
1. Zimitsani magetsi
   - dikirani nyali ithime
2. Masulani zomangira
```

Chovuta kwenikweni ndi mzere ngati "3. Kukonza makina". Ukhoza kukhala mutu wa gawo lachitatu kapena mfundo yachitatu ya mndandanda. Yang'anani kumene kuli anzake. Ngati 2 ndi 4 ali pomwepo, pamwamba ndi pansi, ndi mndandanda. Ngati 2 ali masamba awiri m'mbuyo ndipo pakati pali ndime zambiri, ndi mutu.

Palinso zizindikiro zimene zimapanga zinthu inu musanafune. Markdown ili ndi njira yachiwiri yolembera mitu, yomwe ndi kulemba mzere wa `===` kapena `---` pansi pa mawu. Ndiye mzere wokongoletsa wa pa tsamba ukawerengedwa ngati `---` n'kukhala pansi penipeni pa ndime, ndimeyo imasanduka mutu wa msinkhu wachiwiri mwakachetechete. Ikani mzere wopanda kanthu pakati, kapena ufufuteni. Ndime yoyamba ndi nambala ndi kadontho, monga chaka, imasanduka mndandanda pokhapokha mutalemba `2004\.` motero. Chimodzimodzinso `#` weniweni wa kumayambiriro kwa mzere amafuna `\#`.

## Kuona ngati mafupa aima bwino

Musayambe ndi kuwerenga fayilo yonse. Tulutsani mitu yokha:

```bash
grep -n '^#' kabuku.md
```

Mizere imene yatulukayo iyenera kuwerengeka ngati Zamkatimu zomveka. Chiganizo chachitali pakati pake ndi chenjezo kapena ndime imene yalowa molakwika. Gawo 2.1 ndi 2.3 popanda 2.2 ndiye kuti mutu wina wamezedwa ndi ndime, ndipo nambala ya mzere ikuuzani kokayang'ana. Kumbukirani kuti lamuloli siligwira mitu yopangidwa ndi `---` ija, ndipo limagwiranso mizere ya khodi yoyamba ndi `#`. Pulogalamu ya markdownlint imathandizanso ndi machenjezo ake: `MD001` imadandaula msinkhu ukadumphidwa, `MD025` ikapeza mitu ya `#` imodzi yoposa umodzi, `MD036` ikaona mawu otsindika akugwira ntchito ya mutu. Ngati misinkhu yonse yangokwera kapena kutsika mofanana, Pandoc, pulogalamu yosintha mafayilo kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, imaisuntha yonse pamodzi ndi `--shift-heading-level-by`. Koma palibe mwa zimenezi imene ingadziwe kuti mutu wa `###` unayenera kukhala `##`, chifukwa zonse ziwiri n'zololedwa. Zimenezo zimaoneka pokhapokha mutaika chithunzi pambali pa fayilo.

## Mafunso amene anthu sanagwirizanepo

Nanga ngati chikalata choyambirira ndicho chinadumpha msinkhu, kuchoka pa mutu waukulu n'kugwera pa kamutu kakang'ono kwambiri? Amene akusunga zolemba zakale amafuna kuti fayilo ionetse zimene zili pa pepala, zolakwika zomwe. Amene akukonzera owerenga amasankha kuwongola kuti kayendedwe kakhale kosavuta. Onse ali ndi chifukwa, ndipo yankho limadalira ntchito ya fayiloyo.

Dzina la chikalata nalo lili ndi mbali ziwiri. Ena amalipatsa `#` n'kuyambira magawo pa `##`. Ena amaliika pamwamba pa fayilo ngati `title:`, njira imene Pandoc imaimva, n'kusiyira magawo `#`. Njira yachiwiriyi imapulumutsa msinkhu umodzi, zimene zimathandiza pa zikalata zamalamulo zokhala ndi magawo ozama kuposa 6, ngakhale kuti pamenepo mafunso amabukanso: kodi zotsalazo zikhale mindandanda ya manambala, kapena mawu onenepa?

Ndiye pali kamutu kolowa m'ndime, kaja kamene mawu awiri onenepa amayambitsa mzere, ndime n'kupitirira pomwepo. Mwa ntchito yake ndi mutu, koma Markdown siilola mutu ndi ndime kukhala pa mzere umodzi. Mukakakweza kukhala `####` mwasintha maonekedwe a tsamba ndipo nthawi zina mwadula chiganizo pakati. Mukakasiya konenepa, sikapezeka m'Zamkatimu. Mabokosi a m'mbali nawonso ali ndi vuto lofanana: mutu wa bokosi ukapatsidwa `#`, ndime zonse zobwera bokosilo litatha zimagwera pansi pake, popeza Markdown ilibe chizindikiro chonena kuti gawo latha, tabwerera ku nkhani ija.